Ndinaphonya kalasi ya sitatisitiki Lachiwiri, manotsi ndipemphe bwanji ndipo ndithokoze motani?

Tadala:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Lachiwiri lapitali sindinalowe kalasi ya sitatisitiki ku yunivesite ya Wits, kuno ku Joni, chifukwa ndinali ku Rivonia kukapereka mapepala a viza, ndipo inali ya mapiriyodi awiri otsatizana. Lero ndi Lachinayi, tyutoriyo ili Lolemba, tesiti yatsala sabata ziwiri. Pali mtsikana wina wa konkuno amene amakhala kutsogolo ndipo amalemba chilichonse, koma sitinachezepo kupatula moni. Ndimupemphe bwanji kuti ndisaoneke ngati mlesi? Nanga akandipatsa, zikomo wapakamwa akwana kapena pamafunika kenakake m'manja?

Kondwani:
Achemwali, musavutike nazo. Masilaidi onse aphunzitsi amaika pa Ulwazi, tsamba la maphunziro la Wits la pa intaneti, ingotsitsani muwerenge. Ngati mukufunabe manotsi, ponyani uthenga pa gulu la kalasi la pa WhatsApp kuti amene ali nawo atumize. Pa anthu mazana onsewo sangalephere kupezeka mmodzi.

Mavuto:
A Kondwani alondola mbali imodzi: yambani ndi Ulwazi, a Tadala, musanalankhule ndi munthu aliyense. Koma masilaidi si kalasi, makamaka pa phunziro la masamu ngati limeneli. Pa silaidi mupezapo fomula ndi funso, mwina ndi yankho lomaliza. Njira yochokera pa funso kukafika pa yankho mphunzitsi amailemba pa bolodi kapena pa tabuleti yake anthu akuona, ndipo nthawi zambiri siibwera pa Ulwazi. Palinso aphunzitsi amene amasiya dala mipata m'masilaidi kuti odzaza akhale amene analowa m'kalasi. Ndiye palinso zonena pakamwa basi: kuti mutu wakuti sudzabwera pa tesiti, kuti tyutoriyo yasamukira chipinda china, kuti pa silaidi yachisanu ndi chimodzi pali nambala yolakwika. Izi ndi zimene mukupempha kwa mnzanuyo.

Choncho usiku uno tsegulani masilaidi a Lachiwiri, muwawerenge ndi cholembera m'manja, ndipo mulembe manambala a masilaidi amene akukusiyani m'malere. Onaninso ngati phunzirolo linajambulidwa, chifukwa makosi ena amaika kanema kapena mawu. Mukatero pempho lanu lichepa. Simukunenanso kuti "ndipatseni manotsi", mukunena kuti "ndikusowa zitsanzo zimene anawerengera pa bolodi kuyambira silaidi 12 mpaka 20". Pempho loyambalo limamupatsa munthu ntchito yoganiza kuti atumize ziti, kuyambira pati, masamba angati, ndipo amalisiya kuti adzaliona madzulo, madzulowo osafika. Pempho lachiwirili amatha kulikwaniritsa ali chiimire pa mzere wa basi.

Za pa gulu la kalasi sindikuvomereza. Uthenga wopita kwa anthu mazana atatu supita kwa wina aliyense. Yense amaganiza kuti mnzake ayankha, ndipo amene amayankha msanga kawirikawiri si amene amalemba bwino. Pemphani munthu mmodzi, pomutchula dzina.

Nachisale:
Ndiwonjezerepo za nthawi. Lachinayi si mochedwa, koma musadutse mawa. Manotsi a munthu amakhala ndi mawu achidule ndi mivi imene mwini wake amaimvetsa masiku ochepa okha. Mukamufunsa sabata ino kuti muvi uwu ukutanthauza chiyani, akumbukira zimene mphunzitsi ananena. Mukamufunsa usiku woti mawa ndi tesiti, iyenso waiwala, komanso ali pa mpanipani wake, ndipo pempho la nthawi imeneyo ndi limene limapatsa munthu dzina la ulesi limene mukuopalo.

Ngati muli ndi kalasi limodzi mawa, mupezeni pamaso kalasi ikangotha, osati isanayambe pamene akukonza mabuku. Pamaso pali ubwino woti mujambula nokha pompo, iye osagwira ntchito ina iliyonse kupatula kutsegula kope.

Tadala:
Mawa tili nayo kalasi ina limodzi, koma imatha iye akuthamangira ina. Nambala yake ndikutha kuiona pa gulu. Kodi ndi mwano kumulembera mseri pamene sanandipatse yekha?

Yamikani:
Ine ndili mbali ya anthu amene amapemphedwa, ndiye ndiyankhe monga wolandira uthengawo. Si mwano, bola mudzitchule mu mzere woyamba ndipo munene kumene mwaitenga nambala. Chimene chimatopetsa ndi nambala yachilendo yongolemba moni n'kukhala chete kudikira kuti uyankhe, kenako "muli bwanji", kenako "ndingafunseko kanthu". Kwathu ndi ulemu kuyamba ndi malonje, koma mwana wa kuno amene sakukudziwani akaona moni wopanda nkhani kuchokera ku nambala yachilendo, ambiri sayankha, makamaka atsikana, ndipo ali ndi zifukwa zawo zomveka. Moni ndi nkhani zibwere mu uthenga umodzi.

Mukaulemba m'Chingerezi ukhale ndi zinthu izi. Ndine Tadala, tili limodzi mu sitatisitiki, ndimakhala mzere wachitatu, nambala yanu ndaitenga pa gulu la kalasi. Lachiwiri sindinalowe chifukwa ndinali ndi nthawi yokaonekera ku ofesi ina. Masilaidi ndawerenga, koma ndikusowa zitsanzo za pa bolodi za silaidi 12 mpaka 20. Ngati n'kotheka ndijambule masamba amenewo mawa kalasi ikatha, sizitenga mphindi zitatu, kapena munditumizire nthawi imene mungapeze mpata Loweruka lisanathe. Ngati simungathe palibe vuto.

Mzere womalizawo musausiye. Munthu ali ndi ufulu wokana, ndipo mukamutsegulira khomo lokanira amavomera ndi mtima umodzi. Musatumize mawu ojambula, chifukwa munthu ali mu laibulale ya Wartenweiler sangayambe kumvetsera mphindi ziwiri za mlendo. Musaimbenso foni. Akapanda kuyankha tsiku lathunthu, mukumbutseni kamodzi kokha, kenako pitani kwa wina popanda kusunga mangawa.

Bambo Gondwe:
Mwanangu, ine ndikuona kuti mwayambira kumchira. Mukajomba chofunika ndi kalata. Ngati munadwala, kalata ya dokotala. Ngati ndi maliro kapena zina, pitani ku polisi ya pafupi mukalembe chikalata cholumbira, amadinda ulere. Kapepala kamene anakupatsani ku Rivonia kamene kali ndi tsiku musataye. Ife ophunzira madzulo pambuyo pa ntchito timazidziwa zimenezi, chifukwa ukapanda umboni amakuletsa kulemba mayeso.

Mavuto:
Bambo Gondwe, zimene mwanenazi n'zoona koma ndi za nkhani ina. Kalata imafunika munthu akaphonya tesiti, tyutoriyo yolembetsa maina, kapena pulakitiko ya mu labu, chifukwa zimenezo ndi zimene zimawerengedwa pomulola munthu kulowa mayeso omaliza, ndipo kosi iliyonse imalemba malamulo ake mu chikalata chimene amapereka sabata yoyamba. Tadala waphonya kalasi wamba. Kalatayo siimubwezera zitsanzo za pa bolodi. Kapepalako asunge ndithu, koma mnzake wa m'kalasi safuna umboni.

Bambo Gondwe:
Ndamva, achimwene. Komabe ndikanakhala ine ndikanamuuza mtsikanayo chifukwa chenicheni, kuti ndi viza. Munthu amathandiza bwino akadziwa kuti mnzake sanagone kunyumba.

Nachisale:
Apa ndisiyana nanu pang'ono, bambo. Chifukwa chinenedwe m'mawu ochepa ndipo chikhale choona, koma nkhani ya mapepala si yoyamba nayo kwa munthu amene simukumudziwa. Tonse tikudziwa mmene nkhani ya alendo imakhalira mu Joni muno nthawi zina. Ambiri a m'kalasi alibe nazo vuto, koma Tadala sakudziwabe kuti uyu ndi wotani, ndipo uthenga wolembedwa umatha kuyenda. "Ndinali ndi nthawi yokaonekera ku ofesi" ndi zoona ndipo n'zokwanira. Chimene ndingakane ndi bodza. Osanena kuti munadwala pamene simunadwale, chifukwa semesita ndi yaitali ndipo mudzapemphanso.

Kondwani:
Ine ndimanena poyera kuti ndine Mmalawi ndipo ndinali ku za viza, palibe amene anandiyang'anapo moipa. Kubisabisa kumeneku ndi kumene kumatichititsa kuoneka ngati tili ndi mlandu.

Nachisale:
Sindikunena kuti abise kwawo. Ndikunena za uthenga woyamba kwa munthu wachilendo. Akadziwana adzauzana zonse. Koma ndi mwini wake Tadala amene asankhe.

Mavuto:
Tibwerere ku kope lenilenilo, chifukwa zambiri zimaonongekera pojambula. Choyamba, musabwereke kope kupita nalo kunyumba. Mwini wake akulifuna madzulo omwewo, mvula ya chilimwe ya kuno imagwa mwadzidzidzi masana, ndipo mukadwala mawa kopelo lagona kwanu sabata yonse. Jambulani pamaso pake, mumubwezere m'manja.

Pojambula, yalani kope pa desiki, osati pa bondo. Tsamba limodzi chithunzi chimodzi, ngakhale mukuona ngati awiri akwana. Foni ikhale pamwamba penipeni pa tsamba, isapendekeke, chifukwa ikapendekeka mizere ya kumtunda imachepa n'kusawerengeka. Imani mbali imene mthunzi wa dzanja lanu sugwera pa pepala, ndipo musayatse kuwala kwa kamera, kumachititsa kuti pensulo inyezimire n'kusowa. Kanikizani pakati pa kope ndi chala, poti pamene masamba amapindikira m'pamene pamabisala chiyambi kapena mathero a mzere. M'mphepete musadule. Anthu olemba bwino amaika zofunika kwambiri m'mphepete: kanyenyezi, "zibwera pa tesiti", kapena kukonza kwa mphunzitsi.

Ngati foni yanu ndi ya Android, mu Google Drive muli Scan. Pa iPhone, mu Notes muli Scan Documents. Zonsezi zimawongola tsamba n'kumanga masamba onse mu PDF imodzi motsatana. Musanachoke pamalopo, tsegulani tsamba limodzi lokhala ndi fomula, mulikulitse, muone ngati timanambala tating'ono ta pamwamba ndi pansi tikuwerengeka. Fayiloyo muipatse dzina nthawi yomweyo, monga `sitati_sabata5_Lachiwiri.pdf`, apo ayi pofika tesiti muzidzaisaka pakati pa zithunzi za ukwati.

Akasankha kukutumizirani yekha, mupempheni mwaulemu kuti pa WhatsApp asankhe Document, osati chithunzi wamba. Chithunzi wamba WhatsApp imachifinya kuti chichepe, ndipo choyamba kufa ndi zolemba zing'onozing'ono: kamzere ka pamwamba pa x, ka 2 ka sikweya, chizindikiro chochotsera. Akakanika, asankhe HD asanatumize. Muuzeninso kuti palibe changu, adikire ali pa Wi-Fi ya pa kampasi kuti bandulo yake isathere inu.

Tadala:
Zikomo achimwene. Ndiye ndikakhala nazo zithunzizo, ndingowerenga kapena ndikopere m'kope langa? Masamba akhoza kukhala ambiri, poti inali mphindi 90.

Mavuto:
Musakopere mzere ndi mzere, ndipo musangowerenga. Tengani funso lokha, mutseke chithunzi, muwerengere nokha, kenako mufananize ndi zake. Chifukwa chake ndi ichi: manotsi a mnzanu ndi zimene dzanja lake linakwanitsa kugwira mphunzitsi akuthamanga, ndipo ngakhale wolemba bwino amaphonya. Ndikupatseni chitsanzo cha mtundu umene mukumana nawo ngati mwafika pa kuyesa avereji.

Tinene kuti funso likuti avereji imene ikunenedwa ndi 50, mwayeza zinthu 64 n'kupeza avereji ya 51.5, ndipo sigima ndi 8. Mukuyesa mbali zonse ziwiri pa 5%. Njira yolondola ndi iyi:

```
z = (x̄ − μ) / (σ / √n)
z = (51.5 − 50) / (8 / √64) = 1.5 / 1 = 1.5
```

Malire ake ndi 1.96. Popeza 1.5 sanafike pa 1.96, palibe umboni wokwanira wokanira kuti avereji ndi 50. Tsopano yerekezani kuti mnzanu anaiwala chizindikiro cha √, kapena chinabisala popindikira tsamba. Mugawa 8 ndi 64 n'kupeza 0.125, kenako 1.5 kugawa ndi 0.125 mupeza 12. Nambala 12 yapitirira 1.96 kutalitali, ndiye mulemba kuti avereji si 50. Kachizindikiro kamodzi katembenuza yankho lonse, ndipo mukaloweza fomula yolakwikayo muilakwitsa pa funso lililonse la mutu umenewo.

Mungadziwe bwanji? Tebulo la z la kumapeto kwa buku limathera pakati pa 3 ndi 4. Funso la m'kalasi likakupatsani 12, kaikirani fomula musanakaikire china. Ndipo fomula iliyonse ya m'manotsi obwereka muifananize ndi ya pa silaidi kapena ya m'buku musanaigwiritse ntchito. Onaninso ngati walemba kuti kuyesako ndi kwa mbali imodzi kapena ziwiri, chifukwa pa mbali imodzi malire a 5% ndi 1.645, ndipo mawu amenewo mphunzitsi amatha kungowanena pakamwa, wolemba n'kulemba nambala yokha.

Kena kakang'ono kamene kamasokoneza ife ochokera kumudzi: ana ambiri amene anaphunzira sukulu za kuno amalemba koma pamene ife timaika kadontho. Mukaona 1,96 kapena 51,5 ndi nambala imodzi, si ziwiri.

Mukamaliza zonsezi n'kutsala ndi malo amene simukumvabe, musamusandutse mnzanuyo mphunzitsi wanu. Funso limodzi lofuna kudziwa chimene analemba ndi labwino. Kufotokoza mutu wonse ndi ntchito ya wotsogolera tyutoriyo Lolemba, kapena ya mphunzitsi pa maola ake oonana ndi ophunzira. Mukapita kumeneko musakafunse kuti "ndinaphonya chiyani". Mukanene kuti ndawerenga masilaidi ndi manotsi, ndaima pa sitepe iyi.

Kondwani:
Pa za kuthokoza, ine ndimaona kuti chilungamo ndi ndalama. Mutumizireni R30 kapena R50 ya eyataimu, nkhani yatha, palibe ngongole. Aliyense pa kampasi akuvutika, zikomo sadyedwa.

Yamikani:
Achimwene Kondwani, ndikumvetsa mtima wake, koma monga wopereka manotsi ndinene kuti ndalama imasintha chinthucho. Ukalandira R50 wasanduka wogulitsa. Ulendo wina munthu uja sabweranso ndi pempho, amabwera ngati kasitomala, ndipo tsamba likakhala losawerengeka amadandaula ngati wagula katundu woonongeka. Ena amakhumudwa nazo kumene, amaona ngati wawayeza mtengo. Chimene muyenera kulipira popanda kufunsa ndi chimene iye waononga chifukwa cha inu. Ngati mwapanga fotokope, khadi ikhale yanu. Ngati wakutumizirani masamba khumi ali kunyumba pa bandulo yake, kumubwezera deta n'koyenera, ndipo munene kuti ndi ya deta ija. Kumeneko ndi kubweza, si kugula.

Kuthokoza kwenikweni kuli pawiri. Koyamba ndi nthawi yomweyo mukangolandira: nenani kuti zafika, zatseguka, masamba onse akuwerengeka. Anthu ambiri apa amangoika chala chokweza, ena osayankha n'komwe, ndipo wotumiza amatsala osadziwa ngati zafika. Kachiwiri ndi patapita masiku, mutazigwiritsa ntchito. Muuzeni chinthu chenicheni: "chitsanzo chachiwiri chija mmene munachiyalira ndi chimene chinandithandiza funso lachitatu la tyutoriyo". Mawu amenewo amamuuza kuti simunangosunga zithunzi mu foni, ndipo ndi amene amachititsa kuti ulendo wina avomere asanamalize kuwerenga uthenga wanu. Mukakumana m'kalasi mupatseni moni pomutchula dzina. Zimapweteka munthu amene unamutumizira masamba usiku akakudutsa m'mawa ngati sakukudziwa.

Kondwani:
Koma si onse amene amaganiza ngati inu, a Yamikani. Alipo ku APK, kampasi ya yunivesite ya Johannesburg, amene amagulitsa manotsi poyera, amaika ndi mtengo pa gulu. Kwa otero mawu okoma ndi kuwachedwetsa.

Nachisale:
Amene waika mtengo wanena yekha kuti ndi malonda, mulipireni. Ameneyu sanaike. Kwa ife a zaumoyo ku Doornfontein, kumene munthu amatha kuphonya kalasi chifukwa cha maola a ku chipatala, chimene chimayenda bwino ndi kubwezerana manotsi okhaokha. Ndiye Tadala, pothokoza muikepo lonjezo limene mungalikwanitse: "tsiku limene simudzalowa mudzandiuze, ndidzakulemberani." Koma lonjezo limeneli lili ndi ntchito yake. Kuyambira pano lembani moti wina angawerenge: tsiku pamwamba, nambala ya silaidi m'mphepete, zolengeza za mphunzitsi m'kabokosi. Ndipo mukaona mpando wake uli wopanda munthu, tumizani musanapemphedwe. Ngati mukuona kuti manotsi anu sangafike pa ake, bwezani ndi china chimene muli nacho, monga mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo amene mwawasanja kale, kapena kumusungira malo kutsogolo.

Kanthu kakudya sindikana. Khofi kapena magwinya ku Matrix, malo odyera a pa Wits, kapena kota, buledi woikamo tchipisi ndi zina, ngati wakuthandizani kangapo, ndi zabwino chifukwa mumadyera limodzi n'kudziwana. Ingofunsani kaye chimene amadya, m'kalasi za kuno muli Asilamu, muli osadya nyama, muli osala. Ndipo muike mawu ake poyera kuti ndi zikomo wa manotsi aja. Izi ndikunenera makamaka anyamata amene akuwerenga: mtsikana akakupatsani manotsi sanakupatseni chilolezo chomulembera usiku nkhani zina. Atsikana ambiri amene anasiya kugawa manotsi anasiyira zimenezi.

Bambo Gondwe:
Kwathu munthu akakuthandiza umapitanso m'mawa mwake kukanena kuti zikomo kwambiri za dzulo. Ndikuona kuti ndi zomwe a Yamikani akunenazi. Ine ndingawonjeze kuti mukadziwa chilankhulo chake, liwu limodzi la kwawo limakoma. Mzulu mumuuze ngiyabonga, Msutu ke a leboha. Koma muyambe mwadziwa, osangoganiza kuti aliyense wa mu Joni ndi Mzulu.

Mavuto:
Pali zinthu ziwiri zimene zimaononga zikomo yense, ngakhale mutagula kota.

China ndi kutumiza manotsiwo kwa ena. Anapatsa inu. Mnzanu wina wa kumudzi akakupemphani, musangokankha fayiloyo chifukwa ndi m'bale. Funsani mwini wake, kapena muuzeni mnzanuyo akapemphe yekha. Tsiku limene mtsikanayo adzaone zolemba za dzanja lake zikuzungulira pa gulu la kalasi, kapena zili pa masamba a pa intaneti ogulitsa manotsi, khomo latsekeka kwa inu ndi kwa aliyense wobwera pambuyo panu. Masilaidi ndi mawu ojambulidwa a mphunzitsi nawonso ali ndi eni ake. Musamupemphe mnzanu kuti akujambulireni mphunzitsi mobisa, chilolezo chimapemphedwa kwa mphunzitsiyo.

Chinacho ndi kukwera masitepe. Lero manotsi, mawa mayankho a tyutoriyo, mkuja "ndingoonako asayimenti yanu mmene mwaiyalira". Manotsi a m'kalasi ndi ololedwa kugawana. Ntchito yopatsidwa malikisi ndi nkhani ina. Zolemba zikadutsa mu Turnitin n'kufanana, kapena wochonga akaona kulakwitsa kofanana pa sitepe yofanana, amaitanidwa onse awiri, wokopera ndi wopereka. Chimodzimodzi kumupempha kuti akusainireni pa kaundula wa tyutoriyo. Kwa inu wa viza chiopsezo n'chachikulu, chifukwa viza ya maphunziro imamangidwa pa sukulu imene mwalembetsa, ndipo mwaikanso pa moto munthu amene anangokuchitirani chifundo.

Mukapeza cholakwika m'manotsi ake, ngati √ uja, muuzeni. Ambiri amaopa kuti zioneka ngati kusayamika, koma iye akawerengera tesiti kuchokera pa tsamba lomwelo. Muzinene ngati funso: "pa tsamba lachinayi ndikuona 8 kugawa ndi 64, pa silaidi pali √64, kodi ndi chithunzi changa chadula?" Nthawi zina chimakhaladi chithunzi.

Tadala:
Ndinamulembera monga ananenera a Yamikani, za viza sindinatchule. Wayankha patangopita ola, watumiza masamba asanu ndi awiri ngati PDF, ndipo wawonjezera yekha kuti tyutoriyo ya Lolemba tibwere ndi tebulo la z losindikiza. Ndamuthokoza pompo. Vuto ndi loti tsamba lachisanu ladulidwa kumanja, manambala omaliza a mizere itatu sakuoneka. Ndikuchita manyazi kumuvutitsanso. Ndipo ndikuona kuti watumiza ali kunyumba, mwina pa bandulo yake.

Mavuto:
Yambani mwawerengera nokha mizere itatuyo. Ngati funso ndi fomula zikuoneka, manambala odulidwawo muwapeza ndi kakyuleta, ndipo mwina simufunikanso kufunsa. Akakanika, musamupemphe kuti ajambulenso. Muuzeni kuti tsamba lachisanu ladulidwa pang'ono kumanja, mudzalijambula nokha mawa pakhomo la kalasi asanathamangire inayo. Ndi tsamba limodzi, foni ikhale yotsegula kale m'manja.

Kondwani:
Ndipo deta ija mubwezereni. Apa ngakhale a Yamikani avomera.

Yamikani:
Ndikanavomera akanakhala masamba makumi awiri a zithunzi zikuluzikulu. PDF ya masamba asanu ndi awiri ndi mamegabaiti ochepa, ndipo mwina kwawo kuli Wi-Fi. Kumutumizira eyataimu pa zimenezo kungamudabwitse. Ine ndingadikire Lolemba tyutoriyo ikatha, ndimuuze funso limene manotsi ake anandithandiza, ndimufunse ngati amamwa khofi. Tebulo la z lija musindikize awiri, lina mukamupatse.